Lipoti la nkhani: kufotokoza miyezi 29 yosaoneka pa mbiri ya ntchito ya kalaliki wa ku Dedza

Ndakhala ndikugwira ntchito yoyang'anira za antchito kwa zaka zingapo, ndipo masiku ano ndimathandizanso anthu ofuna ntchito kuno ku Dedza kukonza makalata awo. Lipoti lino likunena za bambo wina wa zaka 38 amene anandipeza mu Juni 2024, atafunsira ntchito malo asanu koma osaphula kanthu. Iwo anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe malinga dzina lawo, la kampani imene ankagwirako ndi la anthu ena onse zisatchulidwe, choncho ndizingoti bambowa.

Zimene anabwera nazo

Bambowa anafika m'mawa kukuzizira monga kumachitira kuno mwezi wa Juni, atanyamula jumbo yakuda momwe munali mapepala awo onse. Munali satifiketi ya fomu 4, satifiketi ya maphunziro osunga katundu, timapepala ta malipiro tomangidwa ndi labala, mabuku awiri a kuchipatala, khadi la mankhwala a chifuwa chachikulu, ndi masivii awiri osiyana. Sivii yoyamba anailemba okha, ndipo inkanena kuti anagwira ntchito ya ukalaliki wa m'nkhokwe pa kampani ina yogulitsa feteleza ndi mbewu kuyambira 2016 mpaka 2021, kenako panalibenso china chilichonse. Yachiwiri anawalembera mnyamata wina wotayipa makalata pa boma, amene ataona kuti pali mpata waukulu anangokoka chaka chomaliza n'kulemba 2023, ati kuti pepalalo lioneke bwino.

Masivii onse awiriwa anali atawavulaza, aliyense m'njira yakeyake. Ndi yoyamba ija sanaitanidwe n'komwe ku intaviyu, ndipo n'zosadabwitsa, chifukwa munthu amene akusankha makalata ambirimbiri akaona zaka ziwiri ndi theka zopanda mawu amadziyankha yekha, nthawi zambiri poganiza kuti mwina kalalikiyo anachotsedwa katundu atasowa. Pa ntchito ya m'nkhokwe ganizo limeneli ndi loyamba kubwera. Ndi yachiwiri ija anaitanidwa kamodzi ndipo anayankha bwino mafunso, koma olemba ntchitowo atayimbira bwana wawo wakale anamva kuti munthuyo anachoka mu 2022, ndipo nkhani inathera pomwepo. Nditawafunsa chifukwa chimene iwo eni analembera 2021, anandiyankha kuti, "Mayi, ine ndimawerengera pamene msana unayamba kundivuta, chifukwa kuyambira pamenepo sindinkadzionanso ngati munthu wapantchito." Yankho limeneli ndalimvapo kwa anthu ena amene anadwala nthawi yaitali: amadula mbiri yawo pamene matenda anayambira, osati pamene ntchito inathera, ndipo potero amadzilanda okha miyezi imene mapepala akanawaikira kumbuyo.

Kupeza madeti enieni

Tisanalembe liwu lililonse tinayamba tayala mapepala onse patebulo ndi kulemba mwezi ndi mwezi, kuyambira Januwale 2022 mpaka Meyi 2024, zimene bambowa ankachita ndiponso pepala limene lingachitire umboni. Miyezi imeneyi ndi 29, ndipo ndiwo mpata umene wowerenga sivii yoyamba ija ankauona.

Timapepala ta malipiro tinaonetsa kuti anayamba ntchito mu Malichi 2016 ndipo analandira malipiro athunthu mpaka Febuluwale 2022. Buku la kuchipatala linaonetsa kuti msana unayamba kuwawa chakumapeto kwa 2021, koma iwo ankapitabe kuntchito akumwa mankhwala opha ululu mpaka pakati pa Febuluwale, pamene miyendo inayamba kuchita dzanzi. Anagonekedwa pa chipatala cha boma, kenako anatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene atawajambula anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu cha mu msana. Anayamba mankhwala mu Malichi 2022, anatuluka m'chipatala mu Epulo atagona pafupifupi milungu 7, ndipo anamwa mankhwalawo miyezi 12 mpaka Malichi 2023. Anthu ambiri amadziwa kuti mankhwala a chifuwa chachikulu cha m'mapapo amatha pa miyezi 6, ndiye amadabwa akamva za chaka chathunthu, koma matendawa akalowa m'mafupa madokotala amatalikitsa nthawi ya mankhwala.

Mfundo imene bambowa sankaidziwa ndi yakuti munthu amene ali pa tchuthi cha matenda amakhala akadali wantchito. Lamulo la Ntchito la mu 2000, pa gawo 46, limapatsa wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito ufulu wa tchuthi cha matenda cha milungu 4 pa malipiro athunthu ndi milungu 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, akaonetsa kalata ya dokotala. Timapepala tawo tinagwirizana ndi zimenezi, popeza kuyambira pakati pa Malichi malipiro anatsika kufika theka, ndipo anakhala choncho mpaka pakati pa Meyi. Kenako kampani inawapatsa masiku a tchuthi cha pachaka amene anali asanapume, omwe anawafikitsa kumayambiriro kwa Juni. Kuchokera pamenepo timapepala tinatha, ndipo bambowa ankaganiza kuti ndi pamene anachotsedwa. Koma pansi pa jumbo ija, m'kati mwa buku lakale la kuchipatala, munali kalata yopindidwa kanayi imene mkazi wawo anakatenga ku ofesi iwo ali chigonere. Kalatayo inkanena kuti kampani inawasungira malo popanda malipiro kwa miyezi itatu, ndipo popeza dokotala sanathe kunena tsiku lobwerera, ntchito yatha pa 31 Ogasiti 2022.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa mapepala atatu amatha kupereka madeti atatu osiyana, onse ali oona. Tsiku lomaliza kugwira ntchito linali mu Febuluwale, malipiro omaliza anali a Juni, ndipo mgwirizano wa ntchito unatha mu Ogasiti. Chikalata cha penshoni chimene tinaitanitsa chinathera mu Juni nachonso, ndipo sichikanachitira mwina, popeza ndalama za penshoni, 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito, zimawerengedwa pa malipiro, ndiye mwezi wopanda malipiro sulowa kanthu. Chikalata cha penshoni chimathandiza kutsimikiza pamene munthu anayambira ndi kuti sanadukize, koma sichinena tsiku limene ntchito inatha. Tsiku lolemba pa sivii ndi lija la kutha kwa mgwirizano, chifukwa ndi limenenso kampani yakale idzatchule ikadzafunsidwa.

Kuti tsikuli likhale ndi pepala loyenera kuonetsa, ndinawatuma kukapempha satifiketi yosiyira ntchito. Gawo 31 la lamulo lomwe lija limanena kuti wantchito akapempha, olemba ntchito amupatse satifiketi yotchula dzina ndi malo a kampani, mtundu wa bizinesi, kutalika kwa nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake pochoka. Chifukwa chimene ntchito inathera chimalembedwa pokhapokha mwiniwake atapempha. Ndinawalangiza kuti apemphe cholembedwacho chikhalepo koma mwachidule, chakuti anasiya pa zifukwa za umoyo, popeza kwa kalaliki wa m'nkhokwe mawu ochepa amenewa amachotsa chikayiko cha kuba, chomwe ndi choipa kuposa matenda alionse. Kalata yopindidwa ija sitinafune kuigwiritsa ntchito chifukwa inatchula matendawo ndi dzina ndiponso inanena kuti sakuyenda. Bambowa anafunsanso ngati kuchotsedwa kwawo kunali kolondola. Ndinawauza kuti lamulo silola kuchotsa munthu chifukwa chojomba kwa kanthawi podwala, koma matenda otalika osadziwika mathero ake ndi nkhani ina, ndipo dandaulo lotere limayenera kufika kwa mkulu wa ofesi ya zantchito ya pa boma pasanathe miyezi itatu. Nthawiyo inali itadutsa kalekale, ndipo bwana yemweyo tinkamufuna kuti akhale mboni yawo, choncho tinaisiya.

Miyezi 8 ya Januwale mpaka Ogasiti 2022 inabwerera motero ku ntchito yakale. Kumapeto kwa mpatawo kunapezekanso zina. Nditafunsa kuti atachira ankadya chiyani, anati ankangothandizako alamu awo a ku Bembeke, amene amagula kachewere kwa alimi ndi kukweza pa malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Nditafunsitsa kuti kuthandizako n'kutani, zinapezeka kuti kuyambira Juni 2023 bambowa ndi amene ankalemba matumba olowa ndi otuluka, ndalama zoperekedwa kwa alimi, ngongole za ogula ndi malipiro a anyamata okweza katundu, ndipo ankalandira kangachepe mlungu uliwonse. Tsiku lotsatira anabweretsa makope atatu a chikuto cholimba, olembedwa mwaukhondo ndi mizere ya pensulo, tsamba lililonse lili ndi deti. Iwo sankaiyesa ntchito chifukwa panalibe kalata yolembedwa ntchito ndipo mwini bizinesi anali wachibale, komatu zimene ankachitazo ndi ukalaliki womwewo umene akufunsira. Miyezi 12 imeneyi, Juni 2023 mpaka Meyi 2024, tinailemba monga momwe inalili, kuti ankasunga mabuku a bizinesi ya wachibale yogula ndi kugulitsa kachewere, osaikometsa ndi udindo wa umanijala umene mnyamata wotayipa uja akanathamangira kulemba.

Titachotsa miyezi 8 ya kumayambiriro ndi 12 ya kumapeto, pa miyezi 29 ija panatsala 9, kuyambira Seputembala 2022 mpaka Meyi 2023. Imeneyi ndiyo nthawi yokhayo imene bambowa sanali pa ntchito iliyonse, ndipo miyezi 7 mwa iyo anali akumwa mankhwala, iwiri yotsalayo akulimbitsa miyendo.

Zolemba ndi zosalemba

Sivii yeniyeniyo inalembedwa m'Chingerezi monga zimafunikira m'maofesi ambiri, koma tanthauzo la mizere itatu imene tinagwirizana ndi ili. Mzere wapamwamba unati Juni 2023 mpaka pano, wosunga mabuku pa bizinesi ya kachewere ku Bembeke. Wachiwiri unati Seputembala 2022 mpaka Meyi 2023, ndinali kulandira chithandizo cha kuchipatala, ndinamaliza ndipo dokotala anatsimikiza kuti ndingathe kugwira ntchito. Wachitatu unati Malichi 2016 mpaka Ogasiti 2022, kalaliki wa m'nkhokwe, ndipo pansi pake tinafotokoza ntchito zimene ankagwira. Tinalemba mwezi ndi chaka pa mzere uliwonse. Alipo amene amalangiza kulemba zaka zokha kuti mpata ubisike, ndipo pa nkhani ino 2022 ndi 2023 zikanagundanadi osaonetsa kanthu, koma ine sindichita zimenezo, chifukwa fomu ya kampani imadzafunsabe miyezi, ndipo mpata umene wotulukira ndi wofunsa mafunso umaoneka waukulu kuposa umene mwiniwake wautchula yekha.

Dzina la matenda sitinalilembe paliponse. Sivii imadutsa m'manja mwa anthu ambiri, kuyambira mlonda wolandira maenvulopu pa geti mpaka kalaliki wosunga mafayilo, ndipo palibe amene angaibweze ikatuluka. Olemba ntchito ali ndi zinthu zitatu zimene akufunadi kudziwa, zomwe ndi chimene chinachititsa mpatawo, ngati chinatha, ndiponso ngati munthuyo angagwire ntchito imene yalengezedwa. Dzina la matenda siliyankha lililonse mwa mafunso amenewa, limangoyambitsa ena. Kuno kwathu munthu akangotchula chifuwa chachikulu, omvera ambiri amalumphira ku kachilombo koyambitsa Edzi, ena amayamba kuopa kupatsiridwa, chonsecho chifuwa chachikulu cha mu msana chokha, mapapo ali bwino, sichifala ndi kutsokomola, ndipo bambowa anali atamaliza mankhwala kupitirira chaka chapitacho. Mphindi zochepa za intaviyu sizokwanira kuphunzitsa anthu zonsezi, ndipo si ntchito ya wofunsira ntchito kutero.

Panali mfundo imodzi imene tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa bambowa inkawavuta mumtima. Iwo anati kulemba Ogasiti 2022 pamene anasiya kupita ku nkhokwe mu Febuluwale kukufanana ndi bodza la mnyamata uja. Ndinawayankha kuti kusiyana kwake n'kwakuti mzere wa pa sivii umanena nthawi imene munthu anali wolembedwa ntchito, ndipo satifiketi ya kampani ikunena chimodzimodzi, pamene 2023 uja panalibe pepala kapena munthu womuvomereza. Komabe nkhawa yawoyo inali ndi nzeru yake, ndipo tinaitsatira m'malo awiri. Pamene fomu ikufunsa zaka zimene munthu wakhala akugwira ntchito ya mtundu umenewo, tinawerengera mpaka Febuluwale, n'kulemba kuti pafupifupi zaka 6, osati 6 ndi theka. Ndiponso tinagwirizana kuti akafunsidwa pakamwa anene okha kuti miyezi yomaliza ya ntchito yakaleyo anali pa tchuthi cha matenda. Kutero kumachititsa kuti bwana wakale akadzatchula za tchuthicho, omverawo asamve chachilendo.

M'kalata yofunsira ntchito tinaikamo ziganizo ziwiri zokha za nkhaniyi, m'ndime yachitatu, pambuyo pofotokoza luso lawo. Zinati ntchito yanga yakale inatha mu Ogasiti 2022 chifukwa cha matenda amene anafuna chithandizo chotalika, ndinamaliza chithandizocho mu Malichi 2023, ndipo kuyambira Juni chaka chomwecho ndakhala ndikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kalata imene iwo analemba poyamba inali ndi tsamba lathunthu la mavuto a banja, ngongole za mayendedwe a ku Lilongwe ndi ana amene anatsala pang'ono kusiya sukulu, ndipo inatha ndi kupempha chifundo. Zonsezo zinali zoona, koma wowerenga kalata yotere amatsala akuona wodwala, pamene iye akusaka kalaliki.

Kalata ya dokotala

Mawu akuti dokotala anatsimikiza sakanalembedwa popanda kalata yake. Bambowa ankafuna kungojambulitsa masamba a buku la kuchipatala ndi khadi la mankhwala, koma ndinawaletsa, chifukwa m'bukumo mumalembedwa chilichonse chimene munthu anadwalapo ndi kuyezedwa, ndi zotsatira zake zomwe, ndipo zambiri sizikhudza ntchito. Khadi la mankhwala nalonso likanawasokoneza, chifukwa pamapeto pake panalembedwa kuti amaliza mankhwala, osati kuti achira. M'kalembedwe ka zachipatala mawu akuti wachira amasungidwira odwala a m'mapapo amene makhololo awo ayezedwa n'kupezeka opanda tizilombo, ndipo wodwala msana amene wamwa mankhwala onse n'kupeza bwino amalembedwa kuti wamaliza. Munthu wa mu ofesi wosadziwa zimenezi angawerenge khadilo n'kuganiza kuti matenda akadalipo.

Anapita ku chipatala kukapempha kalata, ndipo yoyamba imene anabwera nayo inali yofotokoza mbiri yonse ya matenda, popeza iwo anangoti akufuna lipoti. Ndinawalembera pa kapepala zimene akapemphe ulendo wachiwiri: kalata yaifupi ya mutu wa chipatala, yokhala ndi deti, chidindo, dzina ndi siginecha ya dokotala, yonena kuti munthuyu anali pa chithandizo kuyambira Febuluwale 2022 mpaka Malichi 2023, wayezedwa tsiku lakutilakuti, ndipo angathe kugwira ntchito ya ukalaliki maola onse. Dokotala atawayeza anawonjezera mzere wina, wakuti asamanyamule katundu wolemera. Bambowa anabwera atakhumudwa nawo mzerewo ndipo anafunsa ngati tingapemphe kuti uchotsedwe.

Ndinakana, ndipo apa ndi pamene malire a kusaulula amathera. Dzina la matenda ndi chinsinsi cha mwini wake, koma chinthu chimene chikukhudza kagwiridwe ka ntchito imene akufunsira ayenera kuchinena. M'nkhokwe za kuno katundu wambiri ndi matumba a makilogalamu 50 a feteleza kapena chimanga. Pa kampani yaikulu kalaliki amawerenga ndi kulemba, onyamula ndi ena, koma pa malo ang'onoang'ono lole ikafika madzulo aganyu atapita, aliyense amene ali pafupi amagwira thumba. Munthu amene wabisa kuti sanyamula adzakakamizika kusankha pakati pa kukana pamaso pa anzake mlungu woyamba ndi kuvulaza msana umene unatenga chaka kuti upole. Tinagwirizana kuti kalatayo isatumizidwe pamodzi ndi sivii, koma aziitenga ku intaviyu ndi kuitulutsa nkhani ya umoyo ikafika, ndipo anene okha za kunyamulako asanasayine mgwirizano uliwonse.

Mafomu ena amafunsa mwachindunji ngati munthu anadwalapo matenda aakulu kapena kugonekedwa m'chipatala m'zaka zapitazi, ndipo kumapeto kwake amasayinitsa kuti zonse zolembedwa n'zoona. Pamenepo yankho ndi inde, ndi madeti, ndi mawu akuti kalata ya dokotala ilipo. Kuyankha ayi n'kupatsa olemba ntchito chifukwa chodzakuchotsera tsiku lililonse limene angadziwe, ngakhale patapita zaka. Ndinawauzanso kuti lamulo la mu 2018 lokhudza kapewedwe ndi kasamalidwe ka matenda a Edzi limaletsa olemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa kachilomboka kuti alembedwe, choncho kuyezedwa kwa umoyo kumene kampani ingafune kuyenera kukhala koona ngati angathe ntchitoyo basi.

Mboni ndi intaviyu

Bwana wawo wakale anali munthu wowafunira zabwino, ndipo vuto linali pomwepo. Bambowa atapita kukawaona ndi sivii yatsopano, bwanayo anawauza monyadira zimene ankayankha anthu oyimba foni: kuti anali kalaliki wokhulupirika, koma anadwala kwambiri moti anachita kumunyamula pokwera galimoto, ndipo sankadziwa ngati anayambanso kuyenda. Bwanayo ankanena zimenezi pofuna kumvetsa chisoni, osadziwa kuti chithunzi chimene ali nacho ndi cha zaka ziwiri zapitazo. Kungowaona bambowa atalowa mu ofesi akuyenda okha kunakonza theka la vutolo. Theka linalo linali kuwapempha mwaulemu kuti akafunsidwa atchule madeti a pa satifiketi, anene za ntchito, makamaka zoti pa kuwerenga katundu kwa chaka ndi chaka mabuku ankagwirizana, ndipo za matenda angoti anachoka pa zifukwa za umoyo. Mboni yachiwiri sitinaike alamu aja, popeza umboni wa wachibale sulemera, koma wogula wina wa kachewere wa ku Lilongwe amene ankalandira malisiti olembedwa ndi bambowa kwa chaka chonse.

Yankho la pakamwa tinaliyeserera kangapo, ine ndikukhala ngati wofunsa. Ulendo woyamba anayankhula mphindi zoposa zisanu, kuyambira tsiku limene analephera kudzuka pa mphasa mpaka mayina a mawodi, ndipo pomaliza maso anali atalengeza misozi. Sindinawadule, chifukwa zinaoneka kuti nkhaniyi anali asanaifotokozepo yonse kwa munthu wakunja kwa banja. Kenako tinaidula mpaka inatsala ziganizo zinayi: ndinadwala mu 2022 ndipo ndinagona m'chipatala, miyezi yomaliza pa kampani ija ndinali pa tchuthi cha matenda, ndinamaliza chithandizo mu Malichi 2023 ndipo kalata ya dokotala ndi iyi, kuyambira Juni 2023 ndakhala ndikusunga mabuku ndipo ndabwera nawo. Chiganizo chomalizachi chili ndi ntchito yake, yobweza zokambirana ku ukalaliki. Wina akaumirira kufunsa kuti munkadwala chiyani, tinakonza kuti ayankhe modekha kuti linali vuto la msana limene linachizidwa, ndipo chokhacho chimene dokotala waletsa ndi kunyamula zolemera. Yankho limeneli ndi loona, likukwanira pa zosowa za olemba ntchito, ndipo silimveka ngati kukana kuyankha, zomwe pa chikhalidwe chathu zikanaoneka ngati mwano kwa akuluakulu.

Zotsatira

Pakati pa Julayi ndi Okutobala 2024 bambowa anafunsira malo anayi ndi mapepala atsopanowa ndipo anaitanidwa kuwiri. Koyamba kunali kusitolo ina ya zipangizo zaulimi kumene ankafuna munthu mmodzi woti azilemba komanso kuthandiza kutsitsa katundu, ndipo atanena za kunyamula anauzidwa pomwepo kuti sizitheka. Anabwera atakwiya nane pang'ono, akuti chikhala kuti anangokhala chete bwenzi atayamba ntchito. Sindinatsutse kuti akanalembedwa, koma ndinawakumbutsa kuti malo amenewo ntchito yake theka ndi matumba. Kwachiwiri kunali ku bungwe lina la alimi la m'boma lino lomwe, kumene ofunsa anali atatu. Mmodzi wa iwo ankawadziwa kale bambowa ndi matenda awo omwe, monga zimakhalira pa boma laling'ono ngati lino, zomwe zikuonetsa kuti sivii yachiwiri ija sikanapita patali. Funso la mpata linabwera lachitatu ndipo linatha msanga, koma makope a ku Bembeke anawasanthula nthawi yaitali, mpaka kufunsa chifukwa chimene matumba a mwezi wina sankagwirizana ndi ndalama, ndipo bambowa anaonetsa tsamba limene analemba kachewere amene anaola lole itachedwa.

Analembedwa ntchito ya ukalaliki wa m'nkhokwe kuyambira Novembala 2024, pa mgwirizano wa chaka chimodzi wokhala ndi miyezi itatu yoyeserera, pa malipiro otsika pang'ono poyerekeza ndi zimene akanafikapo pa kampani yakale chikhala kuti sanadwale. Ndinawalangiza kuti mawu a dokotala a kunyamula alowe m'fayilo yawo mwa kulemba, osangoti anamvana pakamwa ndi amene anawafunsa mafunso, chifukwa mabwana amasintha. Ndinawakumbutsanso kuti tchuthi cha matenda cha pa gawo 46 chimayamba munthu akakwanitsa miyezi 12, ndiye masiku awo okaonedwanso ku chipatala m'chaka choyambachi azipempheratu chilolezo nthawi ikadalipo.

Mzere wa Seputembala 2022 mpaka Meyi 2023 ukadalipo pa sivii yawo. Tinagwirizana kuti ukhalebe mpaka mgwirizano uno utatha, ndipo podzakonzanso pepalalo tidzaufupikitse kuti ungotsala madeti ndi mawu akuti tchuthi cha zaumoyo, popeza pamwamba pake padzakhala ntchito ziwiri zotsatizana. Kalata ya dokotala nayo idzafunika yatsopano pa nthawiyo, chifukwa imene ali nayoyi ndi ya Julayi 2024.